Kukonzekera mayeso a chimangirizo: chikonzero, wotchi ndi ndemanga za wochonga

Ophunzira ambiri amene amalephera mayeso a chimangirizo sakhala kuti sanawerenge. Amalowa m'chipinda cha mayeso mutu utadzaza ndi zimene anaphunzira, koma amatuluka atayankha mafunso atatu pa anayi, kapena atalemba masamba ambiri pa nkhani yoyandikana ndi funso osati pa funso lenilenilo. Gwero lake n'lakuti ntchito imene anachita pokonzekera, yomwe ndi kuwerenga notsi mobwerezabwereza, si ntchito imene mayesowo amafuna. Mayeso a chimangirizo amafuna kuti munthu atulutse mfundo m'mutu popanda buku, azisanje kuti ziyankhe funso limene sanaliwonepo, ndipo azilembe ndi dzanja nthawi isanathe. Luso limeneli limabwera pochita zomwezo mobwerezabwereza, wina n'kumakuuzani pamene mwaphonya.

Pali umboni wa kafukufuku pa mfundo imeneyi. Mu 2006 akatswiri awiri a ku Amereka, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani zazifupi kuti aziphunzire. Ena anangoziwerenga mobwereza, pamene ena anaziwerenga kenaka n'kulemba zimene akukumbukira osayang'ana. Atayesedwa patangopita mphindi zochepa, owerenga mobwereza aja anachita bwino kuposa anzawo, koma patapita sabata zinthu zinatembenuka, ndipo amene anadziyesa okha ndi amene anakumbukira zambiri. Kuwerenga mobwereza kumachititsa munthu kuganiza kuti wadziwa chifukwa mawuwo sakhalanso achilendo m'maso mwake, koma kuzindikira mawu pa tsamba n'kosiyana ndi kuwatulutsa pa pepala losalembedwa kanthu.

Choyamba: dziwani mmene pepala lilili, ndipo gawani nthawi

Musanalembe chilichonse, pezani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, osachepera atatu, pamodzi ndi silabasi, komanso ndondomeko yochongera ngati ilipo. Muone kuti mayesowo amatenga nthawi yaitali bwanji, mafunso amakhala angati, oyenera kuyankhidwa ndi angati, ndiponso funso lililonse lili ndi malikisi angati. Kuchokera pamenepo muwerengere mphindi za funso limodzi, chifukwa nambala imeneyi ndi imene idzalamulire china chilichonse.

Tiyerekeze kuti mayeso ndi a maola atatu, ndiye kuti mphindi 180, ndipo mukuyenera kuyankha mafunso anayi a malikisi 25 lililonse. Patulani mphindi 10 zoyambirira kuti muwerenge pepala lonse ndi kusankha mafunso, ndi zina 10 za kumapeto zoti zithandize pamene mwatsalira. Zotsala ndi mphindi 160, kutanthauza kuti funso lililonse lili ndi mphindi 40. Mwa mphindi 40 zimenezi, 6 zikhale za chikonzero, 31 za kulemba, ndipo 3 za kuwerenganso zimene mwalemba. Ngati mafunso ali ndi malikisi osiyana, nthawi itsate malikisi: funso la malikisi 40 pa 100 liyenera kutenga magawo anayi pa khumi a nthawi yolembera.

Ambiri amaswa malire a mphindi 40 pa funso limene amalidziwa bwino, poganiza kuti akokera malikisi ambiri kumeneko. Masamu ake sagwirizana nawo. Wolemba amene wayankha mafunso atatu mwaluso n'kupeza 18 pa lililonse, koma osafika pa lachinayi, ali ndi malikisi 54. Mnzake amene wayankha onse anayi mwapakatikati n'kupeza 15 pa lililonse ali ndi malikisi 60. Malikisi oyambirira a funso amapezeka mosavuta, chifukwa mfundo zolondola zingapo zolembedwa momveka zimakwanira, pamene malikisi a pamwamba amavuta kwambiri ndipo kuwonjezera tsamba lina sikuwabweretsa kawirikawiri. Choncho mphindi 10 zimene mwaba kwa funso lomaliza zimakutayitsani zambiri kuposa zimene zimakupezetsani.

Chachiwiri: yezani liwiro la dzanja lanu

Chotsatira n'chachifupi koma ambiri sachichita. Tengani mutu umene mumaudziwa, tchererani wotchi pa mphindi 10, ndipo mulembe ndi cholembera za mutuwo osayang'ana m'buku, m'chilankhulo chimene mudzalembere mayeso. Musakope kuchokera kwina, chifukwa kukopa kumafulumira kuposa kulemba uku mukuganiza. Mukatha muwerenge mawu. Ngati mwalemba mawu 180, ndiye kuti liwiro lanu ndi mawu 18 pa mphindi, ndipo m'mphindi 31 mungathe kulemba mawu pafupifupi 560.

Nambala imeneyi imathetsa maloto ambiri. Mawu 560 ndi ndime yoyamba ya mawu 60, ndime zinayi za thunthu za mawu 110 iliyonse, ndi ndime yomaliza ya mawu 60. Munthu wa liwiro limeneli amene wakonza mfundo zisanu ndi ziwiri wadzikonzera kale kulephera, chifukwa mwina sadzamaliza, kapena adzangotchula mfundo iliyonse m'ziganizo ziwiri popanda kuifotokoza. Wina liwiro lake lidzakhala lokwererapo, wina lotsikirapo. Chofunika n'chakuti chikonzero chanu chilingane ndi dzanja lanu, osati la mnzanu.

Chachitatu: masulani funso, kenaka konzani chikonzero

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo njira yabwino yoionera ndi kutenga funso limodzi n'kuyenda nalo mpaka kumapeto. Nali funso la phunziro la mbiri yakale: "Kodi mapangano a pakati pa maiko akuluakulu a ku Ulaya anathandizira mpaka pati kuyambitsa nkhondo ya mu 1914?"

Mphindi yoyamba mwa 6 zija ikhale ya funso lokha. Dulani mzere pansi pa zinthu zitatu: mawu olamula, mutu wa nkhani, ndi malire. Mawu olamula apa ndi "mpaka pati", ndipo amafuna kuti muyeze kulemera kwa mapanganowo poyerekeza ndi zifukwa zina, kenaka mugamule. Izi n'zosiyana ndi funso limene likanati "fotokozani mapangano", lomwe likanakhutira ndi kulongosola amene anapangana ndi yani komanso liti, kapena loti "yerekezani", lomwe limafuna zinthu ziwiri ziikidwe pamodzi mfundo ndi mfundo. Mutu wa nkhani ndi mapangano. Malire ndi kuyambika kwa nkhondo, kutanthauza kuti chilichonse chokhudza mmene nkhondoyo inamenyedwera kapena mmene inathera mu 1918 chili kunja, ngakhale mukuchidziwa bwino chotani.

Mphindi ziwiri zotsatira mukhuthule pa pepala, m'mawu amodzi kapena awiri, zonse zimene zikubwera m'mutu. Pa funso ili mungalembe kuti Jeremani ndi Ositiriya anapangana mu 1879, Itale n'kulowamo mu 1882. Falansi ndi Rasha anapangana mu 1894. Briteni inamvana ndi Falansi mu 1904 ndiponso ndi Rasha mu 1907. Mungalembenso za mikangano ya ku Moroko ya mu 1905 ndi 1911, za Ositiriya kulanda Bosiniya mu 1908, za kuphedwa kwa Franz Ferdinand, amene ankayembekezeka kulowa ufumu wa Ositiriya, ku Sarajevo pa 28 Juni 1914, ndi za masiku amene maiko analengeza nkhondo. Mndandanda umenewu si chikonzero ayi. Ndi zipangizo chabe, ndipo wolemba amene angayambe kulemba kuchokera pamenepa adzangosimba nkhani motsata zaka, kuyambira 1879 mpaka 1914, osayankha kuti "mpaka pati".

Chimene chimasandutsa mndandanda kukhala chikonzero ndi chiganizo chimodzi choyankha funso mwachindunji. Mwachitsanzo: "Mapangano ndi amene anakulitsa mkangano wa Ositiriya ndi Sebiya kufikira kukhala nkhondo ya Ulaya yense, koma sindiwo anauyambitsa, ndipo sanamange manja a atsogoleri." Chiganizo chimenechi chili ndi mbali zake, munthu akhoza kuchitsutsa, ndipo chikuonetsa kale ndime zimene zikufunika. Kuti mudziwe ngati chiganizo chanu ndi yankho lenileni, yesani kulemba chotsutsana nacho. Ngati mwalemba kuti "panali zifukwa zambiri zimene zinayambitsa nkhondo", palibe munthu angatsutse zimenezo, ndiye kuti simunanene kanthu.

Mphindi zitatu zotsala musanje ndime zinayi, iliyonse ndi mfundo yake yolembedwa ngati chiganizo chachifupi, ndipo pambali pake umboni umodzi kapena uwiri.

Ndime yoyamba ya thunthu inene kuti mapangano anafalitsa nkhondo, ndipo umboni wake ndi kuthamanga kwa masiku: Ositiriya inalengeza nkhondo pa Sebiya pa 28 Julaye, Jeremani pa Rasha pa 1 Ogasiti, ndipo pa Falansi pa 3 Ogasiti. Yachiwiri inene kuti mapanganowo analipo kwa zaka zambiri popanda nkhondo yaikulu, popeza mikangano ya mu 1905, 1908 ndi 1911 inatha maiko akuluakulu asanamenyane, choncho kukhalapo kwa mapangano pakokha sikufotokoza chifukwa chake nkhondo inabuka mu 1914. Yachitatu inene kuti maiko sanatsate mapangano mwachimbulimbuli: Itale sinalowe nkhondo mu 1914 ngakhale inali m'pangano ndi Jeremani ndi Ositiriya, ndipo mu 1915 inalowa kumbali inayo, Rasha inalibe pangano loikakamiza kuteteza Sebiya, ndipo Briteni inalowa pa 4 Ogasiti Jeremani italowa m'dziko la Beljiyamu, ikuloza ku pangano lakale la mu 1839 loteteza dzikolo. Yachinayi itchule chimene chinalemera kwambiri m'maganizo anu, monga mkangano wa Ositiriya ndi Sebiya komanso zisankho za atsogoleri m'mwezi wa Julaye, makamaka lonjezo la Jeremani la kumayambiriro a mweziwo loti idzaima ndi Ositiriya.

Onani zimene zatsala kunja. Mpikisano wa zombo za nkhondo pakati pa Briteni ndi Jeremani ndi mfundo yoona, ndipo wophunzira amene anaiwerenga usiku wonse amamva kuwawa kuisiya. Koma m'mawu 560 mulibe malo ake, pokhapokha italowa ngati chiganizo chimodzi m'ndime yachinayi. Kusiya mfundo yabwino chifukwa sikuthandiza yankho lanu ndi luso lomwe ndimaliona kuti ndi lovuta kuphunzira kuposa lina lililonse pa ntchito imeneyi, ndipo ndi limene limasiyanitsa chimangirizo chopeza 15 ndi chopeza 20.

Pa pepala chikonzero chonsechi chisapitirire mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndipo chilembedwe mwachidule, monga "3. Sanamangidwe: Itale 1914/15, Rasha, Briteni 1839". Chikonzero cha tsamba lathunthu chadya nthawi ya kulemba. Kuti muone ngati n'chabwino, werengani mfundo zinayizo motsatana popanda umboni wake. Ngati zikumveka ngati munthu amene akufotokoza mlandu wake mpaka kufika pa chigamulo, chili bwino. Ngati mungathe kusinthanitsa ndime yachiwiri ndi yachinayi popanda chosokonekera, ndiye kuti muli ndi mitu inayi yongoyandikana, ndipo mukuyenera kuganizanso za mmene imodzi ikutsogolera ku inzake.

Ubwino wa chikonzero ndi wakuti n'chotsika mtengo pa nthawi. M'ola limodzi mungathe kulemba chimangirizo chimodzi chokha, koma mungakonze zikonzero zisanu ndi chimodzi n'kutsala ndi nthawi yoziyerekeza ndi notsi. Choncho konzani zikonzero zambiri kuposa zimangirizo zimene mukulemba, buku lili chitsekere, kenaka mutsegule buku ndi kudzaza ndi inki ya mtundu wina zimene munaiwala. Zolembedwa ndi inki yachiwiriyo ndi zimene muyenera kuwerenga, osati mutu wonse kuyambira pachiyambi. Muyesenso kukonza zikonzero ziwiri pa mutu umodzi, mafunso ake atasiyana. Funso lakuti "Kodi Jeremani ndi imene iyenera kusenza mlandu wa nkhondo ya mu 1914?" limagwiritsa ntchito zaka ndi maina omwewo, koma kasanjidwe kake n'kena. Amene wachita zimenezi sagwa mu msampha woloweza chimangirizo chimodzi n'kukachikhuthula pa funso lililonse lotchula 1914.

Chachinayi: lembani wotchi ikuyenda

Musayambe ndi pepala la maola atatu. Yambani ndi ndime imodzi m'mphindi 6 kapena 7, kuchokera pa chikonzero chimene mwakonza kale. Ndime ya thunthu ili ndi ntchito zinayi: kunena mfundo m'chiganizo choyamba, kupereka umboni weniweni, kufotokoza mmene umboniwo ukutsimikizira mfundoyo, ndi kubwerera ku mawu a funso. Ndime yachitatu ya chitsanzo chathu ingayambe motere: "Komabe, maiko anatsata mapangano pokhapokha pamene zinawakomera." Kenaka pabwere Itale, Rasha ndi Briteni, ndipo pomaliza chiganizo chonena kuti ngati dziko limodzi linatha kukana pangano lake, pamene ena analowa nkhondo popanda pangano lowakakamiza, ndiye kuti mapangano sangasenze mlandu wonse. Chiganizo chomalizachi ndi chimene chimasowa kawirikawiri, chifukwa wolemba amaganiza kuti umboni ukudzilankhulira wokha. Wochonga sangapereke malikisi pa ganizo limene linatsala m'mutu mwanu.

Ndime zikayamba kutuluka m'nthawi yake, lembani chimangirizo chathunthu m'mphindi 40. Pakhale malamulo okhwima: mabuku achoke patebulo, foni ikhale kutali, funso likhale loti simunaliganizirepo, ndipo mulembe ndi dzanja ngati mayeso adzalembedwa ndi dzanja. Wotchi ikhale poti mukuiona, ndipo musanayambe mulembe pamwamba pa pepala nthawi imene chikonzero chiyenera kutha, nthawi yofika pakati pa thunthu, ndi nthawi yoyamba ndime yomaliza. Mphindi 40 zikakwana, dulani mzere pamene mwalekezera. Mukafuna kumaliza, malizani pansi pa mzerewo ndi inki ina, kuti inu ndi wochonga wanu muone bwino zimene zikanafika kwa woyesa ndi zimene zikanatayika. Kudzipatsa mphindi zisanu zowonjezera mwakachetechete kumawononga phindu lonse la ntchitoyi, chifukwa vuto limene munafuna kulipeza ndi limene mwalibisa.

Pamene mzerewo wagwera pamakuuzani matenda ake. Ngati wagwera m'ndime yachitatu ndipo ndime yanu yoyamba yatenga theka la tsamba, vuto ndi chiyambi chachitali, chomwe kawirikawiri chimakhala chodzaza ndi mbiri ya kumbuyo imene funso silinafunse. Chiyambi cha chimangirizo cha mayeso chimakwanira ndi ziganizo zitatu: yankho lanu, ndi njira imene mudutse polifotokoza. Ngati munaima nthawi yaitali pakati pa ndime, cholembera chili m'mwamba, ndiye kuti chikonzero chinali ndi mitu yokha popanda mfundo, ndipo kuganiza kumene kunayenera kuchitika m'mphindi 6 zoyamba kwadya nthawi ya kulemba. Ngati munamaliza kutatsala mphindi 12, musasangalale msanga. Nthawi zambiri zimenezi zimatanthauza kuti ndime zanu zili ndi mfundo ndi umboni koma zilibe kufotokoza, kapena kuti mutuwo simunaudziwe mokwanira, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku buku.

Muyesereretu chochita nthawi ikakutherani, chifukwa tsiku la mayeso si tsiku lophunzira zimenezi. Kukatsala mphindi zisanu ndipo ndime imodzi ndi mathero sizinalembedwe, lembani ndimeyo m'ziganizo ziwiri, mfundo ndi umboni wake, kenaka mupereke mphindi zotsalazo ku chigamulo. Pa funso la "mpaka pati", chimangirizo chopanda chigamulo chasiya mbali imene funso linafunsa.

Pepala lathunthu la maola atatu lilembedwe kawiri kapena katatu m'masabata omaliza. Limaphunzitsa zimene chimangirizo chimodzi sichingaphunzitse, monga kutopa kwa dzanja, kunyonyotsoka kwa zilembo pofika funso lachitatu, ndi kusankha mafunso mwanzeru m'mphindi 10 zoyamba.

Chachisanu: pezani ndemanga, ndipo zisandutseni ntchito

Wochonga woyamba ndinu nomwe, koma osati tsiku lomwelo. Siyani pepalalo ligone usiku umodzi, chifukwa mukaliwerenga mutangomaliza, maganizo anu amadzaza okha mipata imene ili pa pepala. M'mawa mwake lembani pambali pa ndime iliyonse, m'mawu osapitirira asanu ndi atatu, chimene ndimeyo ikunena. Ndime imene mukulephera kuifupikitsa motero ili ndi mfundo ziwiri zosakanikirana kapena ilibe mfundo. Kenaka dulani mzere pansi pa umboni uliwonse weniweni, monga chaka, dzina kapena chochitika, ndipo muzungulize chiganizo chilichonse chimene chikubwerera ku funso. Ndime yodzaza mizere koma yopanda chozungulizidwa ndi yongosimba nkhani. Ndime ya zozungulizidwa zokhazokha ndi maganizo opanda chowachirikiza. Pomaliza yerekezani ndi ndondomeko yochongera, ndipo mudzipatse malikisi musanamve a wina aliyense.

Wachiwiri ndi mnzanu wa m'kalasi. Mnzanu sangakuuzeni motsimikiza malikisi amene mungapeze, ndipo mukamufunsa ngati chimangirizo chili bwino adzakuuzani kuti chili bwino. Mpatseni ntchito imene angaithe: bisani funso, mumupatse chimangirizo chokha, ndipo mumupemphe kuti anene funso limene akuganiza kuti munkayankha. Akanena kuti "fotokozani zimene zinachitika nkhondo ya mu 1914 isanayambe", pamene funso linali la mapangano, mwapeza vuto lalikulu popanda kukhumudwitsana. Mumupemphenso kuti aike chizindikiro paliponse pamene anawerenga kawiri kuti amve, kaya chifukwa cha kalembedwe ka dzanja kapena kalukidwe ka chiganizo.

Wachitatu ndi mphunzitsi, amene nthawi yake ndi yochepa ndipo iyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala. Musapereke mulu wa zimangirizo zisanu. Perekani chimodzi, cholembedwa m'nthawi yake, mzere uja ukuonekera, pamodzi ndi chikonzero chake ndi malikisi amene munadzipatsa. Chikonzero chimathandiza mphunzitsi kuona ngati vuto linayambira pa kuganiza kapena pa kulemba. Mufunse funso lolunjika, monga lakuti: "Aphunzitsi, ndinadzipatsa 16 pa 25, ndi chinthu chimodzi chiti chimene chikanandifikitsa pa 19?" Funso lotere limabweretsa yankho logwirika. Ndipo ngati inu munadzipatsa 19 koma mphunzitsi wakupatsani 13, kusiyana kumeneko n'kofunika kuposa malikisiwo, chifukwa kukusonyeza kuti simunamvetse chimene ochonga amayang'ana, ndipo muyenera kukhala pansi ndi ndondomeko yochongera mpaka mutaona pamene munasiyana.

Ndemanga zambiri zimafera pa pepala. Wophunzira amawerenga mawu ofiira akuti "kusanthula kukuchepa", amavomereza, n'kuika pepalalo m'chikwama, ndipo chimangirizo chotsatira chimatuluka ndi vuto lomwelo. Kuti zimenezi zisachitike, ndemanga iliyonse isinthidwe kukhala lamulo lonena chimene dzanja lichite. "Kusanthula kukuchepa" isanduke "ndikatha umboni, ndilembe chiganizo choyamba ndi mawu akuti 'izi zikusonyeza kuti'". "Simunayankhe funso" isanduke "chiganizo choyamba cha ndime iliyonse chikhale ndi mawu a m'funso". Malamulo otere amaoneka ouma, ndipo sindikunena kuti muzilemba motero moyo wanu wonse, koma amagwira dzanja kufikira chizolowezi chitakhazikika, kenaka mukhoza kuwamasula.

Pasanathe masiku awiri chilandirireni ndemanga, lembaninso ndime imodzi yofooka kwambiri, m'mphindi 7, mukutsata lamulo latsopanolo. Osalembanso chimangirizo chonse, chifukwa nthawi yambiri ingapite pokopa zimene zinali bwino kale. Tiyerekeze kuti ndime yanu yachiwiri inangonena kuti kunali mikangano ku Moroko mu 1905 ndi 1911 n'kufotokoza mmene inayendera. Polembanso, nkhani ya mikanganoyo ifupikitsidwe kukhala chiganizo chimodzi, ndipo malo otsalawo apite ku mfundo yakuti magulu awiri a maiko anali atayamba kale kuonekera pa nthawiyo koma nkhondo sinabuke, choncho payenera kuti panali china chimene chinasintha pofika 1914. Mukaika ndime yakale ndi yatsopano pambalipambali, mumaona ndi maso anu chimene mphunzitsi ankatanthauza.

Sungani tsamba limodzi la zolakwa zanu, lokhala ndi tsiku, funso, malikisi, vuto lalikulu limodzi, ndi lamulo limene mwadziikira. Musanayambe chimangirizo chotsatira, werengani lamulolo ndipo mulilembe pamwamba pa pepala. Gwirani vuto limodzi pa nthawi imodzi, kuyambira ndi lodula kwambiri: kusayankha funso kumaposa kusowa kwa umboni, kusowa kwa umboni kumaposa kusamaliza ndime yomaliza, ndipo zonsezi zimaposa zolakwika za kalembedwe ka mawu, pokhapokha ngati mayesowo ndi a chilankhulo, kumene galamala ili ndi malikisi akeake. Vuto likapanda kuonekanso m'zimangirizo ziwiri zotsatana, lichotseni ndipo mutenge lotsatira.

Kusanja zonsezi m'masabata

Ngati kwatsala masabata asanu ndi limodzi, awiri oyamba apite makamaka ku zikonzero ndi ndime zapazokha, popeza ndi pamene mumapeza mitu imene simukuidziwa nthawi yoiwerenga ikadalipo. M'masabata atatu apakati, sabata iliyonse ikhale ndi kuzungulira kumodzi kwathunthu: zikonzero zinayi kapena zisanu kumayambiriro, chimangirizo cha mphindi 40 pakati pa sabata, kudzichonga tsiku lotsatira, ndemanga ya mnzanu kapena ya mphunzitsi, kenaka kulembanso ndime imodzi. Zimangirizo ziwiri pa sabata n'zotheka ngati zonse zikuchongedwa, koma kulemba chachitatu chachiwiri chisanawerengedwe n'kungolimbitsa zolakwa zimene simunazione. Mitu isinthanesinthane, ndipo mutu umene munaukonzera chikonzero sabata yoyamba mubwerere nawo sabata yachinayi ndi funso lina, kuti muone chimene chatsalira m'mutu.

Pepala lathunthu lomaliza lilembedwe kutatsala masiku osachepera asanu, kuti ndemanga zake zikhale ndi nthawi yogwira ntchito. Masiku otsalawo abwerere ku zikonzero za mphindi 6, pa mafunso osankhidwa mwachisawawa kuchokera m'mapepala akale, ndi ku tsamba lanu la zolakwa, limene pofika nthawi imeneyo liyenera kukhala ndi malamulo awiri kapena atatu okha oti mulowe nawo m'chipinda cha mayeso.